Munthu wosafa m'sewero la mwana wanga

Tsikulo muholo ku Balaka munali abambo mfumu, apampando a chipani, alamu anga a ku Nkaya, ndi ine kutsogolo, poti sewerolo analemba mwana wanga. Ndinali nditalengeza m'mudzi monse kuti mukaona chimphona chosafa. Koma iyayi! Munthu wosafayo mkondo sumulowa, komabe waika m'manda mkazi, ana mpaka zidzukulu, watsala yekhayekha. Moyo wake uli m'nsupa, ndipo mdani ataitukula kuti aiswe, holo yonse inangoti zii. Ine wokuwa uja mawu anandithera, misozi ili chuchuchu alamu akuona.

Potuluka ndinamukalipira mwana wangayo: "Iwe, wamuvutitsiranji munthu chonchi?"

Anati, "Ababa, munthu wosavulala palibe angamudere nkhawa, n'chifukwa chake ndinamupatsa nsupa ija. Koma kulira kwake kuja ndinaonera inu, tsiku lomwe tinkaika amayi."